Pemphero la pa chitini cha mchere

Amuna anga anabwera kuchokera ku nkhondo ya azungu ndi jasi lalitali, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kandalama kamene anawapatsa powatsanzika. Khasu silinkawakhalanso m'manja. Akalima mizere iwiri ankaima n'kumayang'ana kumsewu. Anali mkamwini pamudzi pathu, m'mbali mwa msewu wochoka ku Balaka kupita ku Liwonde, ndipo mkamwini wosalima anthu sachedwa kumutola m'kamwa.

Tsiku lina tikukonola chimanga anandiuza maganizo awo. "Mayi a mwana, pali ziwiri. Ndimange kantini pompano, apo ayi ndikwere sitima ndipite ku Joni."

Ndinasankha kantini ndisakudziwa n'komwe kuti kantini imayenda bwanji. Pamudzi pathu panali kale akazi angapo amene amuna awo anakwera sitima imeneyo n'kutchona. Akazi amenewo sanali okwatiwa, sanalinso mbeta, ankangokhala. Ine ndinali ndi mwana wamng'ono, wina ali m'njira, ndipo sindinkafuna kukhala nawo pamzere umodzi. Kwa amuna anga kantini inali ntchito. Kwa ine inali chingwe chomangira mwamuna pakhomo.

Tinaumba zidina tokha, tinafolera ndi udzu. Chitseko ndi mashelefu amuna anga anakhoma ndi matabwa a mabokosi a palafini. Laisensi anakaidula ku boma, ulendo umene anaubwereza kangapo chifukwa kalaliki ankangoti bwerani mawa. Katundu anakapikula kwa amwenye ku Balaka n'kubwera naye pa njinga yobwereka: thumba la mchere, debe la palafini, mitanda ya sopo, machesi, singano, ulusi, mikanda, shuga pang'ono, ndi mipukutu iwiri ya nsalu ya biriwita. Titaika zonse m'mashelefu munaoneka mopanda kanthu, mpaka tinachita kutalikitsa mitanda ya sopo kuti idzaze malo.

Vuto la kantini linali lodziwika kwa aliyense amene anayesapo. Wakuda ankapikula pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene mwini sitolo ankagulitsira munthu wamba. Ukakweza mtengo, anthu ankalolera kuyenda wapansi kukagula ku Balaka. Choncho phindu linkabisala m'miyeso. Sopo unkamudula ndi ulusi, chidutswa chilichonse n'kuchepako pang'ono. Nsalu unkayeza pakati pa misomali iwiri yokhomedwa pakauntala, ndipo palibe ankabwera ndi ndodo yake kudzaona ngati misomaliyo yatalikirana yadi yeniyeni. Mchere unkayezedwa ndi chitini chotha mkaka, chimodzi kobiri, ndipo chitini chimenecho chinali chofanana m'makantini onse, kupatula kunsi kwake.

Zimenezi amuna anga anaphunzitsidwa ndi mnzawo wa ku nkhondo amene anali kale ndi kantini ku Phalula. Anabwera kudzaona nyumbayo, natenga chitini chathu, nachivundikira pansi, nachimenya kunsi ndi mpini wa nkhwangwa. Tako la chitini linalowa m'kati ngati chala chimodzi. "Ukamayeza uzitumbiza pamwamba," anatero. "Munthu amaona pamwamba, pansi sapaona. Ukapanda kutero, achimwene, thumba lidzakudya ndiwe." Msomali umodzi wa pakauntala anausunthanso. Ine ndinalipo, ndikusesa. Sindinaone chachilendo, chifukwa moyo wanga wonse ndinkagula mchere wa m'zitini zotero.

Panabuka kamkangano ka za pakhomo. Mayi anga ankafuna tikwirire mankhwala pansi pa chitseko, okoka ogula ndi otchinga anthu a nsanje. Koma amalume, mlongo wawo wa mayi, anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, komanso ndiwo anali ankhoswe a ukwati wanga. Anati ngati pakwiriridwa mizu, iwo sapondapo. Amuna anga, amene sankaopa mizu kapena kuikhulupirira, anasankha pemphero. Ndikuganiza kuti ankafunanso kuti mudzi uone mkamwini akudalitsidwa ndi eni mudzi.

Amalume anali munthu wamfupi, wa maso ofooka, wopemphera motalika mpaka mawondo kuchita dzanzi. Anali ndi kachitidwe kawo kamene aliyense ankakadziwa. Sankapempherera chinthu asanachigwire. Popempherera mbewu ankatapa chimanga m'manja. Pa nyumba yatsopano ankagwira mphuthu ya chitseko. Mwana wodwala ankamugwira phazi. Ankati Mulungu amadziwa zonse, koma iwo sadziwa, ndiye ayenera kukhudza kuti adziwe chimene akupempherera. Ife tonse tinkadziwa zimenezi, koma palibe amene anaganizako za chitini.

Tinatsegula Loweruka m'mawa, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Ndinali nditaphika thobwa mitsuko iwiri. Mwambo wake unali wakuti chitseko chisatsegukire malonda pemphero lisanathe, ndipo wogula woyamba alipire pompo, asatchule ngongole. M'kati munalowa eni ake okha ndi akuluakulu: amalume, akulu a mpingo ena awiri, mayi anga, amuna anga ndi ine. Ena onse anakhala panja, amuna atavula zipewa, akazi pamphasa. Chitseko tinachisiya pang'ono kuti mawu azimveka.

Pansi pa mtengo wa mtondo, patali pang'ono ndi gulu, panakhala mayi wina wachiyawo wa kumtsinje wa Shire, dengu la nsomba zowamba lili pambali. Anali pa ulendo wa ku msika wa ku Balaka. Anali Msilamu, ndiye sanayandikire, koma sanachokenso. Ankadikira mchere.

Tinayamba ndi nyimbo. Mkulu wina anawerenga mawu, mwachidule. Kenaka amalume anaima kutsogolo kwa kauntala nafunsa funso limene ankafunsa nthawi zonse asanapemphere.

"Bambo, inu eni ntchito, tikapemphe chiyani?"

Amuna anga anayankha mawu amene aliyense ankayankha pa tsiku lotere. Anawanena ataima njo, manja m'mbali, mwachisilikali. "Malonda achilungamo ndi madalitso, amalume."

"Nanga iwe mwana wanga, uli ndi chako choonjezera?"

Ndinali nacho, chili pakamwa penipeni. Koma mkazi anganene bwanji pamaso pa amalume ake, mayi ake ndi mudzi wonse kuti pempherani mwamuna wangayu asandithawe? Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Iyayi, ndi zomwezo."

"Chabwino. Tsono khasu la ntchito imeneyi ndi liti? Ndipatseni ndigwire."

Amuna anga anazunguzika. Anatambasulira dzanja ku mtanda wa sopo, koma amalume anati sopo ndi mbewu, iwo akufuna khasu. Mayi anga, pofuna kuthandiza, anatola chitini pathumba la mchere n'kupatsira amalume ndi manja awiri. Tonse tinagwada pa dothi lozira kumene.

Amalume anayamba monga mwa masiku onse. Anayamika chifukwa cha mvula ya chaka chimenecho, chifukwa cha mkamwini amene anaoloka nyanja n'kubwera ndi miyendo yake yonse, chifukwa cha udzu wa padenga ndi manja amene anaumweta. Anapempha kuti moto usagwe pa nyumbayo, chiswe chisadye nsalu, mbala idutse osaona chitseko. Anatchula katundu mmodzimmodzi, ngakhale singano. Ine maso ndinali nditatsinzina mwatheka, pakuti mwana wa m'mimba ankandivutitsa ndikagwada, ndipo ndinkaona manja awo. Chitini ankachitembenuza pang'onopang'ono pamene ankalankhula. Chala chawo chachikulu chinayenda m'mbali, chinatsikira kunsi, chinalowa m'dzenje lija, n'kuima.

Mawu nawonso anaima. Panja mwana wina analira, mayi ake namutontholetsa. Mkulu wina anatsokomola poganiza kuti amalume aiwala pamene anali. Amuna anga ndinawaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu. Ndinkadikira kuti tiyalutsidwa pamaso pa anthu, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuwakwiyira amalume.

Atayambiranso, mawu awo anali omwe aja, osakwera, osatsika.

"Atate, mwana wanuyu wapempha malonda achilungamo. Wapempha yekha ndi pakamwa pake, ife tamva. Mupatseni ogula, ndipo ogulawo azichoka pano mtima uli m'malo. Wamasiye akabwera ndi kobiri lake limodzi, lichite ntchito ya kobiri. Mwana akatumidwa, apatsidwe zimene akanapatsidwa mayi ake. Wosaona bwino, monga ine, asasowe womuonera. Ndipo za madalitso, Atate, ife sitidziwa kuti tipemphe ochuluka bwanji. Ndiye nachi chitini chimene mwana wanu wakonza kuti aziyezera anzake. Tachipereka kwa Inu. Tsiku limene mudzagawire nyumba ino chakudya, moyo ndi mtendere, musadzafune muyeso wina. Mudzayezere chomwechi."

Anthu panja anavomera Amen wamphamvu, poti kwa iwo linali pemphero lokoma. Mayi anga anavomera. Amuna anga anachedwa pang'ono, koma anavomera, ndinawamva. Tinanena pamodzi pemphero limene tonse tinkalidziwa pamtima, amalume anadalitsa, tinadzuka. Chitini anachiika pakauntala osayang'ana munthu, natuluka kukafuna thobwa.

Chitseko chitatseguka, anthu a pamudzi anayamba kukankhana kuti wina ayambe, aliyense akuopa kukhala woyamba. Mayi wa nsomba uja sanadikire zimenezo. Analowa, namasula mfundo ya pansalu yake, naika kobiri pakauntala.

"Njete, bambo. Mchere. Ndachedwa ku msika."

Amuna anga anatola chitini. Anachilowetsa m'thumba, nachitulutsa chodzaza, nachiyang'ana, n'kukhuthulira mcherewo m'thumba momwemo. "Tadikirani pang'ono, mayi," anatero, natulukira khomo la kuseri. Tinamva kugogoda, kangapo, mwaukali. Atabwera chitini chinali chitasintha. Anali atalowetsa mpini m'kati n'kumenya, koma chitsulo chikapindika sichibwerera pamalo pake penipeni. Tako lija linatulukira kunja. Chitini sichinkathanso kuima pakauntala, chinkangogubuduka, ndipo tsopano chinkalowa mchere woposa chitini chatsopano.

Anamuyezera mayiyo, natumbiza pamwamba monga anaphunzitsidwira. Mayiyo anatchera kansalu, nayang'ana mulu wa mcherewo, nayang'ana amuna anga, namanga mfundo. "Sikomo," anatero, nasenza dengu lake. Madzulo a tsiku lomwelo amuna anga anazula msomali uja n'kuubwezera pamalo pake.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangotenga chitini china chabwinobwino, chosalowa m'kati, chosatuluka kunja. Anati chimene chaperekedwa ndi chimenecho. "Ndavomera ndekha Amen, mayi a mwana. Ndasainira. Ndikasintha chitini ndiye kuti ndikufuna kunamiza Mulungu kachiwiri." Sanali munthu wopemphera kwambiri, koma usilikali unawaphunzitsa kuti mawu ukawavomera pamaso pa wamkulu, atha.

Thumba loyamba linatha msanga, ndipo zimene linabweza zinangokwanira kupikula lina. Ndinapita kwa amalume ndili ndi mkwiyo wanga. Ndinawapeza akusema mpini.

"Amalume, mwatipweteka. Makantini onse a m'dziko muno amayeza ndi chitini chotero. Mwaona ife tokha?"

"Enawo sanandiitane," anatero.

"Mukanawaitanira pambali n'kuwalangiza."

"Kodi ndinatchula munthu? Ndinamuyalutsa ndani? Ine ndinapempha zimene anandituma. Iwenso ndinakufunsa, unati ndi zomwezo."

Ndinabwerera osatsanzika.

Kantini inayenda choncho zaka ziwiri, osalemera, osagwa. Mbiri ya chitini inafika kutali. Akazi ankadutsa makantini ena kudzagula mchere kwa ife, ndipo wobwerera mchere ankagulako machesi kapena singano, mmene munali kaphindu pang'ono. Mnzawo wa ku Phalula uja anagula njinga yatsopano, kenaka makina osokera, ndipo akabwera ankaseka chitini chathu mpaka misozi. Ife tinagula mbuzi ziwiri. Ine zinkandikwanira. Mwamuna anali pakhomo, akudula sopo ndi ulusi, akukangana ndi ana otumidwa palafini. Mayi wa nsomba uja ankaima ulendo uliwonse, ndipo tinazolowerana, iye Chiyawo chake, ine Chinyanja changa.

Kenaka kunabwera chaka cha njala. Mvula inagwa poyamba, tinabzala, kenaka inadukiza. Chimanga chinauma chili m'mawondo. Munthu wopanda ufa sagula sopo, sagula mikanda, ndipo ngakhale mchere amausiya poti alibe chothira. Mbuzi tinasinthanitsa ndi chimanga. Nsalu yotsala inapita momwemo. Mashelefu anayera, mpaka tsiku lina amuna anga anazula thabwa limodzi kuti tikhomere bokosi la maliro la mwana wa mchemwali wanga.

Sanachite kundiuza kawiri. Anati kantini yatha, yatsala njira inayo, ya ku Joni. Anati akafika atumiza ndalama ya chimanga, ndipo ndikhulupirira kuti ponena ankanena zoona. Ndinawaperekeza mpaka pa siteshoni ku Balaka, wamng'ono ali kumsana, wamkulu ndikumukoka dzanja. Pa siteshoni panali amuna ambiri a mitolo ngati yawo. Anavala jasi lija ngakhale kunali kotentha. Sindinalire pamenepo. Ndinalira pobwerera, ndipo ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa ndinkadziwa kuti wa ku Phalula uja sanakwere sitima. Anali ndi makina oti agulitse.

Sabata yomweyo isanathe, ndili pakhomo la kantini yopanda kanthu ndikusenda mizu imene tinkadya masiku amenewo, ndinaona mayi wa nsomba akubwera ndi mwana wake wamkazi, aliyense atasenza. Kumtsinje njala inalipo, koma ya mtundu wina. Anali ndi madimba m'mbali mwa madzi, ndipo nsomba sizidikira mvula. Anatula dengu. Munali chimanga cha kudimba chokonola, pamwamba pake milamba yowamba.

Ndinamuuza kuti ndilibe chogulira, ngakhale chosinthanitsa.

"Ndakufunsani mtengo?" anatero. "Bambo ali kuti?"

Ndinamuuza. Anayang'ana kumsewu. Kenaka anati, "Tengani chitini chija."

Ndinalowa n'kuchipeza pansi pa kauntala, chitagubudukira pakona. Anachilandira, nachitembenuza, nasisita tako lake lotuluka lija ndi chikhato.

"Tsiku lija ndinamva kugogoda kuseri. Ife ogulitsa timadziwa kulira kwa chitini. Ndi pemphero la akulu aja ndinalimva, chitseko chinali chotsegula. Mapemphero athu ndi osiyana, koma lija ndinalimva bwinobwino." Anayamba kutapa chimanga n'kumathira m'lichero langa, chitini chilichonse chotumbiza. Sanawerenge, inenso sindinawerenge. Anabweranso kawiri mvula ina isanagwe, ndipo akazi ena awiri a kumtsinje, amene nkhope zawo ndinkangozidziwira pakauntala, anatumiza zawo kudzera mwa iye. M'nyumba mwanga simunafe munthu chaka chimenecho. M'nyumba zoyandikana nafe anafa.

Amalume anamva, nabwera ndi ndodo yawo, ataonda mpaka jekete kulendewera. Ndinawapatsa phala. Anapempha kuti agwire chitini, ndinawapatsa. Anachisisita nthawi yaitali.

"Waona, mwana wanga?"

"Ndaona, amalume."

Sindinawatsutse, pakuti zimene anapempha zinachitika monga anapemphera, ndipo ana anga awiri akula n'kukhala ndi ana awo chifukwa cha zimenezo. Koma sindinawayamikenso. Anaona kuti nkhope yanga sinamasuke, nafunsa chimene chinatsala. Apo m'pamene ndinawauza, kwa nthawi yoyamba, chimene ndinali nacho pakamwa tsiku lotsegulira lija.

Anaika chitini pansi, chinagubuduka, anachigwira. "Ukanati unene," anatero. "Ndikanamugwira dzanja mwamuna wakoyo popemphera."

Amuna anga sanatumize kanthu, sanabwerenso. Patapita zaka wina anati anawaona ku Bulawayo, wina anati chifuwa chija chinawatengera kumigodi komweko, ndipo sindinadziwe woti ndimukhulupirire. Za chimanga cha kumtsinje sanazimve. Njala itatha ndinakapikula ndekha theka la thumba la mchere, ndinatsegula chitseko popanda kuitana munthu wopemphera, ndipo ndinayezera chitini chomwecho mpaka chinabooka.